Mapasa a kwathu ndi nambala ya 0.52

Bambo atamwalira, azing'ono anga awiri, omwe ndi mapasa, anali ndi zaka 4. Maliro atatha akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kugawana ana, monga zimakhalira. Agogo anakana, amati mapasa salekanitsa, koma m'nkhokwe munalibe kanthu ndipo mawu awo sanapite patali. Amalume, omwe anali kalaliki ku Zomba, anatenga mmodzi, winayo anatsala kumudzi ndi mayi. Anyamatawa ndi ofanana kwambiri moti ali akhanda mayi ankamanga kaulusi pamkono pa mmodzi kuti asamwetse mwana yemweyo mankhwala kawiri.

Wa ku Zomba anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo lero amawerengera ndalama pa kampani ina. Wa kumudzi analemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, ndipo lero amagula nyemba ndi soya m'misika n'kumakagulitsa m'tauni. Kwa zaka zambiri awiriwa anali chida changa pa mkangano uliwonse wa nzeru. Wina akati nzeru n'zakumtundu, ine ndinkangoloza kwathu.

Ndinachitanso zomwezo pa chinkhoswe china chaka chatha. Azakhali ankanena za mwana wa msuweni wathu amene wabwereza kalasi, amati, "Musamavutike naye uyo. Make mbuu, mwana mbuu." Ine n'kutulutsa nkhani ya mapasa ija. Kenako mphwanga wina amene ali ku koleji anadula nkhani, amvekere, "Amalume, asayansi anapeza kale. Magawo 80 pa 100 a nzeru za munthu ndi obadwa nawo." Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo nambala ikaponyedwa pa mkangano chonchi siindigonetsa tulo. Ndinakafufuza komwe imachokera. Mphwangayo anaimva molakwa, koma nanenso mapasa anga sankatsimikiza zomwe ndinkaganiza.

Maganizo ogwiritsa ntchito mapasa pa funsoli anawafalitsa Francis Galton wa ku England mu 1875, ngakhale kuti njira yowerengera imene ilipo lero inabwera pambuyo pake. Mapasa alipo a mitundu iwiri. Ena amachokera ku dzira limodzi lomwe linagawikana, ndipo majini awo ndi amodzimodzi. (Ndikati majini sindikunena mizimu ija ya m'nkhani za kunyanja, koma timalangizo ta m'maselo tomwe timatengera kwa makolo.) Ena amachokera ku mazira awiri, ndipo pa majini amene amasiyana pakati pa anthu amagawana pafupifupi theka, ngati abale ena onse a bere limodzi. Mitundu yonse iwiri imakulira m'nyumba imodzi, pa nthawi imodzi, kudyera mbale imodzi. Ndiye ngati a dzira limodzi akufanana kwambiri pa chinthu china kuposa a mazira awiri, kufanana kowonjezerako kuyenera kuti kwachokera ku majini.

Nzeru zimene akatswiriwa amayeza ndi za mayeso a IQ: mawu, masamu a pamtima, kuona ndondomeko m'zithunzi, kukumbukira. Mayesowa anakonzedwa mwakuti munthu wapakatikati apeze 100, ndipo anthu awiri mwa atatu alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115. Kufanana kwa anthu awiri amakuyeza ndi nambala yotchedwa r. Ikakhala 1 ndiye kuti ukadziwa mapointi a mmodzi wadziwiratu a mnzake, ikakhala 0 ndiye kuti sunadziwe kanthu.

Mu 1981 Thomas Bouchard ndi Matthew McGue anasonkhanitsa akafukufuku oposa 100 a IQ za anthu apachibale. Mapasa a dzira limodzi okulira pamodzi anawapeza pa 0.86, a mazira awiri pa 0.60. Tsono pali samu yaifupi yodziwika ndi dzina la Douglas Falconer, katswiri wa za majini wa ku Edinburgh:

h² = 2 × (0.86 − 0.60) = 0.52

Timachulukitsa ndi 2 chifukwa kuchoka pa a mazira awiri kufika pa a dzira limodzi tangowonjezera theka la majini, ndiye kuti tipeze mphamvu ya majini onse tiyenera kuwirikiza. Nambala imeneyi, 0.52, ndiyo amaitcha heritabilite, ndipo amailemba h². Zotsalazo zimagawika pawiri. Mapasa a dzira limodzi akufanana kufika pa 0.86 pomwe majini angofotokoza 0.52, ndiye 0.34 yotsalayo ndi ya zomwe amagawana pakhomo: chakudya, sukulu, makolo, mudzi. Ndipo 0.14 imene yaperewera kuti akwane 1 ndi ya zomwe zimagwera mmodzi yekha, monga matenda, mphunzitsi wina, ngakhalenso kuphonya kwa mayeso eniakewo.

Ndinaipatsa ana anga a Folomu 4 samu imeneyi kuti aseweretse, ndipo mtsikana wina anaona msanga chomwe chikuvuta. Musinthe 0.60 ija ikhale 0.50, yankho lilumpha kufika 0.72. Kaphonyedwe kakang'ono kalikonse kamawirikizidwa. Komanso samuyi yatsamira pa ganizo lakuti mapasa a dzira limodzi saleredwa mofanana kwambiri kuposa a mazira awiri. Aliyense amene anaonako mapasa atavekedwa malaya a nsalu imodzi akhoza kukayika. Akatswiri analiyesa ganizoli, mwachitsanzo poyang'ana mapasa amene makolo awo ankalakwitsa mtundu wawo, ndipo kawirikawiri limaima ndithu, koma ndi ganizo basi. Palinso china chokokera mbali inayo: anthu amakonda kukwatirana ndi ofanana nawo pa maphunziro, zomwe zimapangitsa mapasa a mazira awiri kugawana majini oposa theka, ndipo samuyi imatulutsa nambala yocheperapo.

Tsono 0.52 ija ikunena chiyani? Apa ndi pomwe mphwanga anatererapo, ndipo si iye yekha. Sikunena kuti theka la nzeru za mwana wanu linachokera kwa inu ndipo theka linalo kusukulu. Funso limenelo lilibe yankho, monga kulibe yankho mukafunsa kuti phokoso la ng'oma, lochuluka bwanji ndi la chikopa ndipo lochuluka bwanji ndi la dzanja. Nambalayi ikunena za kusiyana pakati pa anthu. Tengani gulu, muone mmene mapointi awo amwazikira, ena pamwamba ena pansi. Mwa kumwazikana kumeneko, pafupifupi theka likuyenda limodzi ndi kusiyana kwa majini awo. Ndi nambala ya gululo, pa malo amenewo, pa nthawi imeneyo. Musinthe gulu, nambala isintha.

Ndipo imasinthadi. Kafukufuku wa mu 2010 wotsogoleredwa ndi Claire Haworth, wa mapasa awiriawiri pafupifupi 11,000 a m'maiko anayi, anapeza 0.41 pa zaka 9, 0.55 pa zaka 12, ndi 0.66 pa zaka 17. Kwa akuluakulu ena amapeza mpaka 0.8, ndipo ndiko kunachokera nambala ya mphwanga. Poyamba zinandidabwitsa. Ndinkayembekeza kuti munthu akamakula, zomwe wakumana nazo zizichuluka mphamvu. Koma ndikayang'ana m'kalasi zimamveka. Mwana amene wagwira kuwerenga msanga pang'ono kuposa anzake ndi amene mphunzitsi amamuika kutsogolo, ndi amene amagwira buku pomwe ana asanu akulisuzumira, ndi amene amatumidwa kukalemba pa bolodi. Pakatha zaka 10 kasiyanidwe kakang'ono kaja kakula, ndipo chakukulitsa ndi buku ndi bolodi. Koma popeza chinayambitsa ndi chibadwa, samu ya Falconer imaponya zonsezo m'thumba la majini. Christopher Jencks wa ku America anapereka chitsanzo chowawa: dziko litaletsa ana a tsitsi lofiira kupita kusukulu, majini a tsitsi lofiira angaoneke m'masamu ngati majini olepheretsa kuwerenga.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi cha chimanga. Anachipereka Richard Lewontin mu 1970 poyankha Arthur Jensen, amene chaka cha 1969 analemba kuti kusiyana kwa IQ pakati pa azungu ndi anthu akuda ku America mwina kuli ndi gawo la chibadwa. Lewontin ankanena za mbewu zodzalidwa m'malo oyesera zinthu, koma ndichinena mwa kumunda. Tapani manja awiri a chimanga cha lokolo m'thumba limodzi. Dzanja loyamba mudzale pa munda wosalala bwino, phando lililonse lilandire feteleza wokulitsa ndi wobereketsa mofanana. Lachiwiri mudzale pa munda wina, wofanananso paliponse, koma wopanda feteleza. M'munda woyamba mapesi ena atalika kuposa ena, ndipo popeza onse adya mofanana, kusiyanako ndi kwa mbewu kokhakokha, heritabilite yake 1. M'munda wachiwiri chimodzimodzi, 1. Koma munda woyamba wonse wautali kuposa wachiwiri, ndipo kusiyana kumeneku mulibe mbewu ngakhale pang'ono, chifukwa thumba linali limodzi. Choncho nambala ikhoza kukhala yaikulu mkati mwa gulu lililonse, osanena kanthu za chimene chasiyanitsa magulu awiriwo. Aliyense amene akutenga nambala ya mapasa a ku America n'kumafotokozera chifukwa chimene mtundu wina kapena dziko lina likupezera mapointi ochepa, akuyeza munda wina ndi ndodo ya munda wina.

Munda weniweni wosauka sukhala wofanana paliponse ngati wa Lewontin. Pena pali chulu, pena mchenga, pena pamadikha madzi, ndipo zimenezi zimaphimba mphamvu ya mbewu. Eric Turkheimer ndi anzake mu 2003 anapeza zotere pa mapasa a zaka 7 a ku America: m'mabanja osaukitsitsa heritabilite inali pafupifupi 0.1 ndipo za pakhomo zinatenga pafupifupi 0.6, pomwe m'mabanja olemera inali pafupifupi 0.7. Mapasa ake anali awiriawiri ongopitirira 300, ochepa pa ntchito yotereyi, ndipo mu 2016 Elliot Tucker-Drob ndi Timothy Bates atasonkhanitsa akafukufuku ambiri anapeza kuti zimenezi zimaoneka ku America koma osati kumadzulo kwa Ulaya ndi ku Australia. Ambiri amaganiza kuti n'chifukwa chakuti kumeneko mwana wosauka amapezabe sukulu ndi chipatala chabwino. Akafukufuku akuluakulu a mapasa pafupifupi onse anachitikira m'maiko amenewa, komwe si kawirikawiri kupeza mwana wopinimbira ndi njala kapena wogwidwa malungo a mu ubongo. Nambala zawo sizikunena za kalasi ya ana 120 okhala pansi.

Nanga mapasa olekanitsidwa, ngati a kwathu? Awa ndi omwe amakoma m'nkhani. Bouchard yemwe uja anayamba kuwasonkhanitsa ku Yunivesite ya Minnesota mu 1979, atamva za Jim Lewis ndi Jim Springer a ku Ohio, amene anakumana ali ndi zaka 39 n'kupeza kuti onse anakwatirapo mkazi dzina lake Linda, kenako Betty. Zoterezi ine sindiziwerengera. Anthu awiri alionse a msinkhu umodzi ndi dera limodzi, mutawafunsa mafunso masauzande, mupezapo zodabwitsa. Chofunika ndi chakuti mu 1990 gululi linalengeza kuti mapasa a dzira limodzi oleredwa kosiyana amafanana pa IQ pafupifupi 0.7. Imeneyi ndi nambala yaikulu, ndipo amene amati majini alibe gawo pa nzeru alibe pothawira.

Komabe mbiri ya akafukufuku a mtunduwu ili ndi zipsera. Cyril Burt wa ku England analengeza 0.771 ali ndi mapasa awiriawiri 21 mu 1955, ndipo mu 1966, atafika 53, nambala inali 0.771 yomweyo. Aliyense amene anawerengerapo avereji ya kalasi akudziwa kuti ukawonjezera ana 30 manambala atatu onsewo sangakhale chilili. Leon Kamin ndiye anaziulula mu 1974, Burt atamwalira kale. Mpaka lero ena amati linali bodza ladala, ena amati kusasamala, koma palibe amene amagwiritsanso ntchito nambala zake. Kamin anaonanso china pa kafukufuku wa James Shields wa mu 1962: ambiri mwa mapasa otchedwa olekanitsidwa analeredwa ndi achibale, wina kwa mayi wina kwa azakhali kapena agogo, ena m'mudzi umodzi ndi sukulu imodzi. Nditawerenga pamenepa ndinaseka ndekha, chifukwa azing'ono anga akanalowa m'kaundula ameneyu. Holide iliyonse ankakhala limodzi.

Mbali yomwe inandithandiza kugwirizanitsa zonsezi ndi ya ana oleredwa ndi makolo osawabereka. Ku Iowa, Marie Skodak ndi Harold Skeels anatsatira ana 100 otengedwa ali akhanda, ndipo lipoti lawo lomaliza linatuluka mu 1949. Anapeza zinthu ziwiri zooneka ngati zikutsutsana. Choyamba, IQ ya ana inkatsatira ya amayi owabereka, omwe sanawalere: mayi wa mapointi ambiri, mwana wa mapointi ambiri. Chachiwiri, amayi amene anayezedwa anali ndi avereji ya pafupifupi 86, pomwe ana awo ali ndi zaka ngati 13 anali pa 106. Kwa zaka zambiri a mbali ya chibadwa ankatchula choyamba, a mbali ya maleredwe n'kumatchula chachiwiri, ngati anthu awiri okangana pa mbuzi wina atagwira mutu wina mchira.

Zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi. Tipeke manambala ophunzitsira. Amayi atatu ali ndi 76, 86 ndi 96. Ana awo, oleredwa kwina, apeza 98, 106 ndi 114. Mndandanda sunasinthe, mwana wa mayi wotsika ndiye wotsika, ndipo r imangoona mndandandawo basi, choncho iuza kuti chibadwa chili ndi mphamvu. Koma mzere wonse wakwera ndi mapointi 20, ndipo kukwera kumeneku r sikuona n'komwe. Ndi minda iwiri ija. Mapointi 20 a ku Iowa sitingawameze onse, chifukwa amayiwo ambiri anayezedwa ali m'mavuto atangochira, koma kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kukwerako kulipodi.

Wooneka bwino kwambiri ndi wa ku France, wa Michel Duyme, Annick-Camille Dumaret ndi Stanislaw Tomkiewicz, wa mu 1999. Anafufuza m'mafailo masauzande n'kupeza ana 65 amene ananyalanyazidwa kapena kuzunzidwa ali aang'ono, anatengedwa ali ndi zaka za pakati pa 4 ndi 6, ndipo asanatengedwe anayezedwa IQ n'kupezeka pansi pa 86. Avereji yawo inali 77. Anawayezanso ali ndi zaka ngati 13 kapena 14. Opita ku mabanja a anthu a ntchito zamanja anakwera ndi mapointi pafupifupi 8, kufika cha m'ma 85. Opita ku mabanja ophunzira ndi opeza bwino anakwera ndi 19.5, kufika 98. Pali msampha umodzi apa: ukasankha ana chifukwa apeza mapointi otsika, pa mayeso achiwiri amakwerako okha, chifukwa ena mwa iwo tsiku loyambalo linangowaipira. Zimenezi zikhoza kufotokoza gawo la mapointi 8 aja. Koma sizingafotokoze mapointi pafupifupi 12 osiyanitsa magulu awiriwo, popeza onse anayambira pamodzi.

Ku Sweden, Kenneth Kendler ndi anzake mu 2015 anayerekeza anyamata awiriawiri 436 a bambo ndi mayi mmodzi, wina woleredwa kwawo wina wotengedwa ndi banja lina, pogwiritsa ntchito mayeso olowera usilikali pa zaka 18. Otengedwawo anaposa abale awo ndi mapointi 4.4. N'zochepa poyerekeza ndi za ku France, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: ku Sweden mtunda wa pakati pa nyumba ziwirizo ndi waufupi. Mfundo yomweyi ikufotokozanso chifukwa chimene akafukufuku ena, monga wa ku Colorado wa Robert Plomin ndi anzake, amapezera kuti pofika zaka 16 mwana safanananso pa IQ ndi makolo omulera. Mabanja ololedwa kutenga ana amasefedwa kaye, osauka kwambiri, oledzera ndi achiwawa amakanidwa. Minda yonse ikakhala yothira feteleza, mupeza kuti feteleza sakusiyanitsa mapesi, koma simunayese munda wopanda.

Ndiye azakhali anali ndi mbali yawo. Ana awiri m'nyumba imodzi, sukulu imodzi, wina amagwira msanga kuposa mnzake, ndipo gawo lalikulu la kusiyanako amabadwa nalo. Ine mphunzitsi ndimaziona tsiku ndi tsiku, ndipo kukana n'kudzinamiza. Pomwe anaphonya ndi pa mawu akuti musavutike naye. Kusaona patali kumayenda kwambiri m'magazi, koma magalasi amathetsa vutolo tsiku lomwelo. Heritabilite imawerenga zomwe zikusiyanitsa anthu pa zinthu mmene zilili lero; zomwe zingachitike mutasintha zinthuzo siziona. Pa sukulu penipeni, Stuart Ritchie ndi Tucker-Drob mu 2018 anapeza kuti chaka chimodzi chowonjezera m'kalasi chimakweza IQ ndi mapointi a pakati pa 1 ndi 5.

Ine ndinaphonya pena. Mapasa anga ndi anthu awiri okha, ndipo palibe anawayezapo ndi mayeso amodzi. Chomwe ndinkayerekeza ndi satifiketi, osati nzeru. Mwezi wa June ndinakhala tsiku lonse pa sikelo ndi wa kumudzi uja. Mayi wina anabwera ndi soya wolemera makilogalamu 37 ndi theka, ndipo ndisanatsegule n'komwe kakyuleta ya pa foni iye anali atatchula kale mtengo, atachotsa ndi kulemera kwa thumba. Powerengera amaluma mlomo wam'munsi n'kumagogoda chala chapakati pa bondo. Mnzake wa ku Zomba amachita chimodzimodzi pa desiki pake, ndipo palibe anaphunzitsa mnzake. Mwina atayezedwa angasiyane ndi mapointi 15, mwina 3.

Madzulo ake ndinafunsa mayi funso limene ofufuza amafunsa poyamba akapeza mapasa olekanitsidwa, loti anasankha bwanji wopita ndi wotsala. Ngati anatumiza amene ankaoneka wochangamuka, ndiye kuti kuyerekeza konse kwawonongeka kuyambira pa chiyambi. Mayi anali akusenda nandolo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Sabata imeneyo mnzakeyo anali ndi malungo," anatero. "Achimwene anati sangayende ndi mwana wodwala pa basi."